Dzuwa la tsiku limodzi lingatenthetse thanki kufika pati?

"Ndili ku Ulongwe. Ndagula giza ya sola, thanki ya malita 150, bolodi lake mamita 2 mulitali, mita imodzi mulifupi. Wogulitsa akuti madzi azichita kuwira. Kodi atentha kufika pati kukakhala dzuwa?"

Achimwene, zowirazo iwalani. Tiyeni tiwerengere limodzi.

Kumwamba kukayera tsiku lonse, sikweya mita imodzi kwathu kuno imalandira mphamvu pafupifupi 6 kWh. Musadabwe nayo kWh, ndi yuniti yomwe ija mumagula pa Credelec. Bolodi lanu ndi masikweya mita awiri, ndiye kuti lalandira mayuniti 12. Koma si onse amene amalowa m'madzi. Kuwala kwina galasi limakubweza, kutentha kwina mphepo imatenga, kwinanso kumathera m'mapaipi. Ine ndimawerengera theka, choncho m'thanki mwalowa mayuniti 6.

Nambala yoti muisunge pamtima nayi: yuniti imodzi imakweza malita 100 ndi madigiri 8.6. Madzi ndi ouma khosi, lita imodzi imafuna mphamvu yokwana 4.2 kJ kuti ikwere digiri imodzi, pamene yuniti ili ndi 3,600 kJ. Mayuniti 6 anu akanakweza malita 100 ndi madigiri pafupifupi 52, koma poti anu ndi 150, tigawa:

6 × 8.6 × 100 ÷ 150 = 34

Madzi amene anali pa madigiri 20 m'mawa afika cha pa 54 madzulo. Amenewo simungasambe osasakaniza ndi ozizira, koma mpaka pa 100 padakali mtunda.

Theka lija silikhazikika. Bolodi likamatentha kuposa mpweya wolizungulira, limatayanso kutentha kochuluka, ndiye madigiri oyambirira amabwera msanga, omalizira mokakamiza. N'chifukwa chake thanki yosagwiritsidwa ntchito masiku awiri siwonjezanso 34 wina tsiku lachiwiri. N'chifukwa chakenso giza ngati yanu ikakhala mumzinda wa Tete, kumene mpweya umachita kuwotcha mu Okutobala, iposa ya ku Angónia kwanu mu Juni, pamene madzi amayamba ali ozizira kwambiri ndipo chisanu chimaba kutentha usiku.

Mukafuna kuyesa, musatunge madzi tsiku lonse, ndipo musakhulupirire chidebe choyamba. Madzi otentha amakhala pamwamba pa thanki, ozizira pansi, ndiye choyambacho chimanamiza. Ine chinandipusitsapo, mpaka ndinayamikira giza imene inali itatenthetsa pamwamba pokha. Tungani ndowa zingapo, yezani iliyonse ndi choyezera kutentha, mupeze pakatikati.

Mukapeza kuti akwera ndi madigiri 20 okha dzuwa lili phwee, kwerani padenga. Bolodi liyang'ane kumpoto, litapendekeka madigiri 15 mpaka 20, popanda mthunzi wa mango masana. Pukutani fumbi pagalasi, makamaka miyezi yotentha tchire. Kenako gwirani paipi yochoka pabolodi kupita kuthanki. Ngati ili yosakutidwa ndipo ikukuwotchani dzanja, kutentha kwanu kukuthawira pamenepo.