Bipi ili bwino, nanga mtima ukuthamangiranji?

"Ndikulemba kuchokera ku Bangula. Mayi a kunyumba akumamva chizungulire akamachokera kumjigo, mtima n'kumagunda kwambiri. Kuchipatala makina anaonetsa 118/76, pansi pake 108. Anamwino anati bipi ili bwino. Nanga 108 ameneyu ndi chiyani? Magazi akuthamanga kapena ayi?"

Achimwene, anamwino ananena zoona. Manambala awiri oyambawo, omwe pamakina ambiri amalembedwa SYS ndi DIA, akuonetsa mphamvu imene magazi akukankhira zipupa za mitsempha, ndipo 118/76 ndi wabwino. Bipi timayamba kuidandaula ikamakhala pa 140/90 kapena kuposa. Nambala yapansiyo, PUL, ndi nkhani ina: ikuwerenga kuti mtima wagunda kangati pa mphindi imodzi. Munthu wamkulu amene wakhala pansi n'kupuma amayenera kukhala pakati pa 60 ndi 100. Ndiye 108 wakwera pang'ono, ndipo funso lofunika ndi lakuti mtima wa alamuwo ukufulumira chifukwa chiyani.

Kuti timvane, tiyambe ndi ntchito ya mtimawo. Mtima ndi mnofu, kukula kwake ngati nkhonya ya mwini wake, ndipo uli ndi zipinda zinayi, ziwiri kumanja, ziwiri kumanzere. Magazi amene azungulira m'thupi n'kusiya mpweya wake amabwerera kumanja. Mbali imeneyi imawakankhira kumapapo, kumene amataya mpweya woipa n'kutenga wabwino. Akachoka kumapapo amalowa kumanzere, ndipo chipinda chapansi cha kumanzereko, chomwe chili ndi mnofu wochindikala kuposa zinzake zonse, chimawakankha mwamphamvu kuti akafike kumutu mpaka kuzala zakumiyendo. Pakhomo potulukira pa chipinda chilichonse pali valavu, kachitseko kotseguka mbali imodzi. Amene anaonapo mjigo ukukonzedwa akudziwa kavalavu kapansi kamene kamaletsa madzi kubwerera. Kakatha, mumapopa mpaka kutopa koma ndowa osadzaza. Mtima umachitanso chimodzimodzi mavalavu ake akaonongeka.

Mukagwira pamkono, chimene mumamva chikugunda si magazi amene angotuluka mumtima atafika pamenepo. Mtima ukafinya, mtsempha waukulu umafufuma, ndipo kufufumako kumayenda ngati funde m'mitsempha yonse, mwaliwiro kuposa magaziwo. Funde limodzi, kugunda kumodzi. Choncho pamkono mungaphunzirepo zinthu zitatu: mtima ukugunda kangati, ukugunda motsatana bwino kapena modumphadumpha, komanso ngati kugundako n'kwamphamvu kapena kofooka. Bipi simungaiyeze ndi zala. Anthu ambiri a bipi yokwera mtima wawo umagunda 70 mwakachetechete, osamva kalikonse, n'chifukwa chake ena amadzazindikira atafa kale ziwalo.

Tsopano tiwerengere. Munthu wamkulu amakhala ndi magazi pafupifupi malita 5. Akakhala phee, mtima umatulutsa mamililita pafupifupi 70 ukagunda kamodzi. Ukagunda maulendo 70 pa mphindi, 70 kuchulukitsa ndi 70 ndi 4,900, kutanthauza kuti pafupifupi magazi onse amazungulira kamodzi pa mphindi iliyonse. Thupi limafuna malita amenewa zivute zitani.

Ndiye taganizani za kutentha kwa kuno kuchigwa mu Okutobala ndi Novembala, pamene ku Nsanje ndi ku Chikwawa kumafika madigiri 40. Alamu asenza ndowa, thukuta lili kamukamu, madzi akutha m'thupi. Nthawi yomweyo mitsempha ya pakhungu yatseguka kuti thupi lizizire, ndipo magazi ambiri apita kumeneko. Obwerera kumtima achepa. Tiyerekeze kuti tsopano mtima ukutulutsa mamililita 50 okha ukagunda kamodzi. Kuti ukwanitse malita 5 aja uyenera kugunda maulendo 100. Ukatero bipi imakhalabe 118/76, makina n'kunena kuti zonse zili bwino, chonsecho mtima ndi umene ukugwira ntchito yowonjezera kuti zikhale choncho. Nthawi zambiri kugunda kwa mtima kumayamba kusintha bipi isanatsike. Chizungulire chimabwera munthu akaimirira mwadzidzidzi kapena akaima nthawi yaitali pamzere, chifukwa magazi a kumiyendo amadalira minofu ikamayenda kuti iwakankhe kukwera.

Koma ine sindingathamangire kunena kuti ndi dzuwa basi. Kwa mayi wa kuno, chimene ndingafune chiyezedwe msanga ndi kuchepa kwa magazi. Pamenepa malita angakhale okwanira, koma chachepa ndi himogulobini, chinthu chofiira chimene chimanyamula mpweya. Lita iliyonse ikanyamula mpweya wochepa, mtima umayenera kuizungulitsa kawirikawiri. Malungo obwerezabwereza, likodzo kwa amene amachapa ndi kusamba m'madzi oima a kudambo, njoka za m'mimba, kutaya magazi ambiri posamba kumwezi, komanso kubereka pafupipafupi, zonsezi zimachepetsa magazi. Kutentha thupi nakonso kumafulumizitsa mtima: thupi likakwera digiri imodzi, mtima umawonjezera maulendo pafupifupi 10. Ngati ali oyembekezera, mtima umafulumirako mwachibadwa, ngakhale magazi ayenerabe kuyezedwa.

Musaiwalenso kuti 108 anapezeka atayenda ulendo padzuwa, mwina ali ndi mantha ndi makinawo. Nambala imodzi yotere siigamula mlandu. Yezani nokha kunyumba. M'mawa akangodzuka, asanayambe ntchito kapena kumwa tiyi, akhale pansi mphindi zisanu. Tembenuzani dzanja lawo chikhatho chiyang'ane kumwamba, ikani zala ziwiri, cholozera ndi chapakati, pamkono mbali ya chala chachikulu, pansi pang'ono pa pamene dzanja limapindikira. Musagwiritse chala chachikulu chanu, chili ndi kugunda kwakekwake ndipo mukhoza kumadziwerenga nokha. Musafinye kwambiri. Werengani kwa masekondi 30 pafoni n'kuchulukitsa kawiri. Mukapeza 40 ndiye kuti ndi 80. Chitani zimenezi m'mawa kwa masiku angapo, muzilemba papepala.

Ngati m'mawa mukupeza 75 kapena 85, n'kumakwera masana okha, ndiye kuti kutentha ndi ludzu ndiye zikuchititsa kwambiri. Azimwa madzi asanamve ludzu, aziona mkodzo: ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, madzi sakukwana. Kumjigo apite kusanatenthe. Koma ngati m'mawa momwe ali pa 100 kapena kuposa, tsitsani chikope cham'munsi muone mkati mwake, muonenso zikhatho. Zikakhala zoyererako m'malo mofiira, bwererani kuchipatala ndi pepala lanu lija, mupemphe kuti awayeze kuchuluka kwa magazi ndi malungo. Ngakhale maso akuoneka bwino, pemphanibe, chifukwa kuyang'ana kumanamiza. Mayi amene sali woyembekezera himogulobini yake isatsike pansi pa 12.

Chinthu china chimene zala zanu zimatha kugwira bwino kuposa makina otsika mtengo ndi kadumphidwe. Mukamva kuti kugunda kulibe dongosolo, pena kufulumira pena kuima, werengani mphindi yathunthu ndipo mukawauze adokotala. Kudumpha kamodzi mwa apo ndi apo kumachitikira anthu ambiri abwinobwino. Kusokonekera kosalekeza n'kumene kumadetsa nkhawa, chifukwa magazi amatha kuundana mkati mwa mtima, kachidutswa n'kukatseka mtsempha wa ku ubongo. Kuno kwathu vutoli limapezekanso mwa achinyamata amene mavalavu awo anaonongeka ndi matenda oyamba ndi zilonda za pakhosi ali ana. Adokotala amamva zimenezi akaika chomvera pachifuwa.

Ndipo ngati alamu akomoka, akumva kupweteka pachifuwa, akubanika atangokhala kapena pogona chagada, miyendo yatupa, kapena mtima uli pamwamba pa 120 atapuma ndipo sukutsika, musadikire za pepala. Pezani njinga yamoto tsiku lomwelo.