Chifukwa chake naitirojeni amafuna mphamvu yambiri kuposa agoni kuti atenthe

"Achimwene, ndithandizeni pa fizikisi. Buku likuti Cv ya gasi wa atomu imodzi ndi (3/2)R, ya gasi wa maatomu awiri ndi (5/2)R. Nanga 3 ndi 5 ameneyu akuchokera kuti? Tsamba lina ndaonanso 7, ndiye mutu waima."

Eya mphwanga, ndamva. Tamvera bwinobwino, ndipo ngati pepala lili pafupi uzilemba manambalawa ndikamatchula.

Manambala atatu onsewo ndi kuwerenga chabe. Ukuwerenga njira zimene molekyulu lingasungire mphamvu. Lamulo lake amalitcha ekwipatishoni, ndipo limati gasi akakhazikika pa tempulecha T, mphamvu imagawika mofanana m'njira zonsezo, njira iliyonse n'kulandira (1/2)kT pa avereji, pamene k ndi nambala yosasintha. Ndati pa avereji dala, chifukwa molekyulu limodzi palokha pena limathamanga kwambiri, pena likagundana ndi linzake limatsala pang'ono kuima. Koma kugundanako n'kosalekeza, ndiye mphamvu imangodutsa kuchoka m'njira ina kulowa m'njira ina mpaka palibe njira yokhala ndi gawo loposa inzake. Tsopano ife sitigwira molekyulu limodzi, timagwira molo yathunthu, mamolekyulu 6.022 × 10^23. Ukachulukitsa k ndi nambala imeneyi umapeza R, amene ali 8.314 J pa molo pa kelevini. Choncho njira iliyonse imasunga (1/2)RT pa molo, ndipo kuti tempulecha ikwere ndi kelevini imodzi, njira iliyonse imafuna theka la R, majulo 4.16. Nambala iyi uigwiritsitse, chifukwa zonse zikubwerazi zamangidwa pa iyo.

Tiyambe ndi agoni, kapena hiliyamu, amene atomu iliyonse imayenda yokha. Ingachite chiyani ndi mphamvu imene waipatsa? Kuthamanga basi. Kupita kutsogolo kapena kumbuyo, kumanja kapena kumanzere, m'mwamba kapena pansi. Njira zitatu. Mphamvu ya mbali iliyonse ndi (1/2)mv², ndipo apa pali chinthu chimene ana asukulu ambiri amachidumpha: lamuloli limawerenga zigawo za mphamvu zimene zili ndi sikweya ngati v² ameneyu, chigawo chilichonse n'kupata theka lake. Ndiye zitatu kuchulukitsa ndi 4.16, ukupeza 12.5, amene ndi Cv uja, mphamvu yokweza tempulecha ya molo imodzi ndi kelevini imodzi. Akatswiri akamuyeza agoni weniweni amapeza 12.5 yemweyo. Kugwirizana kotere kumandisangalatsa mpaka lero, chifukwa sitinafunse n'komwe kuti atomuyo ikulemera bwanji. Atomu ya agoni imalemera pafupifupi kakhumi kuposa ya hiliyamu, koma Cv yawo ndi imodzi. Yolemerayo imangoyenda pang'onopang'ono, mphamvu n'kukhala yofanana.

Tsopano naitirojeni, maatomu awiri ogwirana. Molekyulu lonse limathamanga m'njira zitatu zija, koma lingathenso kuzungulira. Taganiza mzere wolumikiza maatomu awiriwo utaima chilili. Molekyulu lingagwere chakutsogolo n'kumatembenuka choncho, kapena lingagwere chakumbali n'kumatembenuka. Njira ziwiri, ndipo iliyonse mphamvu yake ili ndi sikweya wa liwiro la kuzungulirako. Zitatu kuphatikiza ziwiri, ndi 5 wako uja. Zisanu kuchulukitsa ndi 4.16 ndi 20.8, ndipo naitirojeni pa 300 K akamuyeza amapezadi 20.8. Okosijeni amapitirira pang'ono, cha m'ma 21. Udzafunsa kuti bwanji osawerenga kuzungulira kwachitatu, kozungulira mzere womwewo. Funso limenelo lisunge kaye, yankho lake ndi limodzi ndi la 7.

Tiye tichite chitsanzo. Uli ndi mabotolo awiri olimba, otsekeka ndithu, osafufuma. M'limodzi muli molo imodzi ya agoni, m'linalo molo imodzi ya naitirojeni, onse pa 300 K. Ukufuna onse afike 310 K. Agoni afuna 12.5 kuchulukitsa ndi 10, majulo 125. Naitirojeni afuna majulo 208. Majulo 83 osiyanawo apita kuti? Sanatayike ayi. Mwa 208 aja, 125 alowa m'kuthamanga ndendende ngati mwa agoni, 83 otsalawo akazungulitsa mamolekyulu. Naitirojeni sangasankhe kuti mphamvu yonse ipite kothamanga kokha, kugundana kumaigawa kwa njira zisanu zonse. N'chifukwa chake ukawapatsa onse awiri majulo ofanana, tinene 125, agoni akwera ndi makelevini 10 pamene naitirojeni akwera ndi 6 okha.

Zonsezi ndi Cv, kutanthauza kuti gasi sakuloledwa kufufuma. Ukamuika mu silinda ya pisitoni yoyenda kuti puresha isasinthe, gasi akamatentha amakankha pisitoni ija, ndipo kukankhako ndi ntchito imene imadya mphamvu. Kuchokera pa PV = RT ya molo imodzi, ntchitoyo ndi R pa kelevini iliyonse, kaya gasiyo ndi wamtundu wanji. Mphamvu yofunika pa kelevini iliyonse puresha ikakhala yosasintha timaitcha Cp, ndiye Cp = Cv + R. Agoni akhala 20.8, naitirojeni 29.1. Apa usamale kwambiri mphwanga, chifukwa 20.8 akuonekera kawiri: ndi Cp ya agoni, komanso ndi Cv ya naitirojeni. Ukaona (5/2)R m'funso, yamba wayang'ana kachilembo kali m'munsi mwa C kaja usanaganize kuti ndi gasi wa maatomu awiri.

Tsopano 7. Maatomu awiri aja sanagwirane mouma gwa. Amatha kuyandikirana n'kutalikirana, kunjenjemera motsata mzere uja, ndipo pa masamu timachitenga ngati sipuling'i ili pakati pawo. Kunjenjemeraku kumasunga mphamvu pawiri. Pali mphamvu ya kuyenda kwa maatomuwo, yokhala ndi sikweya wa liwiro, ndiye palinso mphamvu yosungidwa m'sipuling'i ikatambasuka kapena kufinyika, yokhala ndi sikweya wa mtunda umene yatambasukawo. Kunjenjemera kumodzi, zigawo ziwiri. Waona chifukwa chake ndinatsindika za sikweya? Wowerenga mayendedwe okha apeza 6, koma wowerenga zigawo za mphamvu apeza 7, ndipo Cv ikhala (7/2)R, majulo 29.1.

Ndiye vuto likubwera pamenepa. Ngati lamulo likuti njira iliyonse ilandire gawo lake, naitirojeni amayenera kupereka 29.1, koma pa 300 K akupereka 20.8, ngati kuti kunjenjemera kulibe n'komwe. Usaganize kuti ndiwe wekha wazunguzika nazo. Maxwell mwini wake, mmodzi wa amene anakhazikitsa chiphunzitso cha magasichi, anaona kalekale kuti masamu ndi zoyezedwa sizikugwirizana, ndipo anavomera poyera kuti ndi vuto lalikulu. Mu 1900 katswiri wina, Kelvin, analitchula kuti ndi umodzi mwa mitambo iwiri imene inaphimba fizikisi ya nthawi imeneyo. Linathetsedwa ndi fizikisi ya kwantamu.

Ekwipatishoni imaganiza kuti molekyulu lingalandire mphamvu ina iliyonse, ngakhale kachepetsetsa. Zoona zake n'zakuti kuzungulira ndi kunjenjemera kumalandira mphamvu ngati makwerero: uli pa sitepe iyi kapena pa yotsatira, pakati palibe poima. Kugundana kumabweretsa mphamvu ya cha m'ma kT. Sitepe ikakhala yayitali kwambiri kuposa kT, pafupifupi kugundana kulikonse kumalephera kukweza molekyulu, ndiye njira imeneyo imakhala duu, osatenga kanthu pa mphamvu imene wathira. Kuti tiyerekeze mosavuta, kutalika kwa sitepe timakugawa ndi k n'kukutchula m'makelevini. Kwa naitirojeni, sitepe ya kunjenjemera ndi pafupifupi 3,400 K, kuposa 300 K kakhumi ndi kamodzi. Pa tempulecha imeneyi ndi molekyulu limodzi lokha mwa pafupifupi 80,000 limene lakwera sitepe yoyamba. Koma sitepe yake ya kuzungulira ndi ya makelevini ochepa kwambiri, nambala imene amaigwiritsa ntchito ndi 2.9 K, ndiye pa 300 K masitepewo sakuonekanso, kuzungulira kukulandira gawo lake lonse. Apo ndi pamene 5 wakhalira, ndi 5 wa tempulecha zapakatikati.

Kuzungulira kwachitatu kuja nakonso ndi chimodzimodzi. Kulemera pafupifupi konse kwa atomu kuli pa kachinthu kakang'ono ka pakati pake, ndipo tinthu tiwirito tili pamzere penipeni. Chotsala chozungulira mzerewo ndi maelekitironi opepuka kwambiri, ndiye sitepe yake ndi yayitali moti kutentha wamba sikungaifike.

Umboni umene ine ndimaukonda ndi wa kolorini, chifukwa amakana kulowa mu 5 komanso mu 7. Maatomu ake ndi olemera ndipo agwirana mofewerapo, choncho sitepe yake ya kunjenjemera ndi cha m'ma 800 K basi. Pa 300 K pafupifupi molekyulu limodzi mwa 15 lili kale pamwamba pa sitepe yoyamba. Cv yake yoyezedwa ndi cha m'ma 25.6, pakati pa 20.8 ndi 29.1. Ukachotsa 20.8 patsala 4.8, amene ndi kupitirira pang'ono theka la R, kusonyeza kuti kunjenjemera kwadzuka koma sikunafike pathunthu. Haidirojeni amaonetsa mbali inayo. Ndi wopepuka kwambiri, nambala yake ya kuzungulira ndi pafupifupi 85 K, ndiye ukamuziziritsa kufika cha m'ma 50 K kuzungulira nako kumaima, Cv n'kutsika kufika pa (3/2)R ngati ndi gasi wa atomu imodzi. Katswiri wina, Eucken, anayeza kutsika kumeneku mu 1912.

Pa mafunso ako a kusukulu, akatchula naitirojeni, okosijeni kapena mpweya wamba osanena kuti kwatentha kwambiri, tenga 5. Tenga 7 pokhapokha funso litanena kuti kunjenjemera kuwerengedwe. Akakupatsa Cp ndi Cv zoyezedwa, gawa Cp ndi Cv. Ukapeza 1.67 njira ndi zitatu, ukapeza 1.40 ndi zisanu, ukapeza 1.29 ndi zisanu ndi ziwiri, chifukwa yankho limakhala 1 + 2/f pamene f ndi chiwerengero cha njira. Ukapeza nambala yapakati ngati 1.32 ya kolorini, usafufute poganiza kuti walakwa, f wake sakhala nambala yathunthu. Yesa kuwerengera mamolo awiri a okosijeni kuchoka pa 300 K kufika 350 K m'botolo lotseka, unditumizire, uyenera kupeza pafupi ndi majulo 2,080.