Ndadina Replace, foda ya malonda yabwerera m'mbuyo miyezi inayi

"Abale thandizeni. Ndimalemba malonda a nsomba pa laputopu ya Windows 10 kuno ku Mangochi Boma. Dzulo Lachitatu cha m'ma 3 koloko masana ndinakopera foda yakale ya pa fulashi kupita mu Documents, itafunsa ndinadina Replace. Pano mafayilo onse akuonetsa za mu Malichi, ntchito ya miyezi inayi sikuoneka. Mu Recycle Bin mulibe kanthu. Nditani?"

Pepani achemwali. Poyamba siyani kugwiritsa ntchito laputopuyo pa zina zilizonse, musaikemo mapulogalamu atsopano, musakopere mavidiyo, ndipo musayendetse Disk Cleanup. Chifukwa chake ndi chakuti makope akale amene Windows imasunga mkati mwa disiki ali ndi malo ochepa, ndipo malowo akadzaza, akale kwambiri ndi amene amayamba kufufutidwa. Za Recycle Bin musadabwe. Mmenemo mumapita fayilo yofufutidwa, koma yolembedwa pamwamba sidutsako n'komwe.

Tsegulani Documents, dinani fodayo ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Restore previous versions. Mukhozanso kudzera ku Properties kenako Previous Versions, ndi khomo lomwelo. Amene ali ndi Windows 11 ayambe adina Show more options. Mudzaona mndandanda wa fodayo ndi masiku komanso nthawi imene kope lililonse linatengedwa.

Apa ndi pamene anthu ambiri amadzipweteka kachiwiri. Pansi pali mabatani awiri, Open ndi Restore, ndipo dzanja limathamangira Restore. Chonde musalidine. Restore imalemba pamwamba pa mafayilo amene alipo panopa, ndipo Windows yomwe imachenjeza kuti zimenezi sizibwezeka. Mukalakwitsa tsiku, ndiye kuti mwaononga ngakhale zochepa zimene zinapulumuka dzulo.

Tiyerekeze kuti mndandanda ukuonetsa makope atatu: Lachitatu 16:00, Lachitatu 14:00 ndi Lolemba 09:00. La 16:00 n'lopanda ntchito, linatengedwa ngozi itachitika kale, choncho muli zomwezo za mu Malichi. Lolemba n'labwino koma mutaya malonda a masiku awiri. Lanu ndi la 14:00, lomaliza kutengedwa musanadine Replace. Lisankheni, dinani Open. Patseguka windo looneka ngati foda wamba, koma pamwamba pali tsiku la kopelo. Tsegulani fayilo ya Excel imene mumailemba tsiku ndi tsiku, pitani pa mzere womaliza, muone ngati chambo ndi usipa wa Lachiwiri zalembedwa. Mutsegule mafayilo anayi kapena asanu, osati imodzi yokha. Mukakhutira, pangani foda yatsopano pa fulashi ina, osati ija yabweretsa vutoli, muitche dzina ngati Zobwezedwa, ndipo mukopere zonse mmenemo ndi Ctrl+A, Ctrl+C ndi Ctrl+V. Ngati pambali pa Restore pali kamuvi, Restore To imachita zomwezi, imakufunsani kosungira.

Kenako ikani mafoda awiriwa pambalipambali, muwasanje ndi Date modified. Replace imakhudza mafayilo okhawo amene maina awo akufanana mbali zonse. Ngati foda yanu inali ndi mafayilo 40 ndipo pa fulashi panali 28, ndiye kuti 12 amene munayamba kulemba Malichi atadutsa akadali bwinobwino mu Documents, ndipo mwina ndi atsopano kuposa a m'kope lija. Bwezani 28 okhawo.

Ndanena kuti mutsegule angapo chifukwa makopewa amachokera kuwiri. Ena ndi a File History, amene ndi mafayilo enieni okopedwa pa disiki yakunja, ndipo amadalirika. Ena amachokera ku System Protection, imene ntchito yake yeniyeni ndi kuteteza mafayilo a Windows, osati anu. Kuyambira pa Windows 8, makope amtunduwu nthawi zina amaonetsa dzina la fayilo ndi kukula kwake molondola, koma mukaitsegula Excel imakana kuti yaonongeka. Zikatero yesani kope lotsatira m'mbuyo mwake. Ndipo wina asakuuzeni kuti muyendetse System Restore. Imeneyo imabweza mapulogalamu ndi makonzedwe a Windows, za mu Documents siizikhudza.

Tsopano ngati mwapeza mawu akuti There are no previous versions available, musataye mtima msanga. Dinaninso pa Documents yonseyo, kapena pa disiki C: mu This PC, muone ngati kumeneko kuli makope, n'kulowa mkati mpaka pa foda yanu. Kuti mutsimikize, tsegulani Command Prompt ndi Run as administrator mulembe:

```
vssadmin list shadows
```

Ikaonetsa makope a C: okhala ndi tsiku la ngozi isanachitike, chiyembekezo chilipo. Ikayankha kuti No items found, mkati mwa laputopu mulibe kope lamtunduwu. Pa makompyuta ambiri a Windows 10 System Protection imakhala yozimitsa, ndipo kuiyatsa lero sikubweretsa za dzana.

Funsani amene anakukonzerani laputopuyo ngati anayatsapo File History. Imeneyi siigwira popanda disiki ina, monga yakunja kapena ya pa netiweki, ndipo makope ake saoneka bwino ngati disikiyo sinalumikizidwe. Ilumikizeni, pitani ku Control Panel, File History, Restore personal files. Mivi ya pansi imakubwezani m'mbuyo kope ndi kope, ndipo batani lobiriwira lapakati mulidine ndi kumanja musankhe Restore to. Zikavuta, tsegulani disikiyo nokha, mulowe mu foda ya FileHistory, dzina lanu, dzina la kompyuta, kenako Data. Fayilo iliyonse ili ndi tsiku ndi nthawi pa dzina lake, koma nthawiyo ndi ya UTC, imene imatsalira maola 2 pa ya kuno ku Malawi. Ngozi yanu ya 3 koloko ndi 13:00 UTC, choncho fayilo yolembedwa 14:00 UTC ndi ya pambuyo pa ngozi, ngakhale maso akuuzeni zina.

Malo achitatu ndi OneDrive. Ngati mafayilo a mu Documents ali ndi kachizindikiro ka mtambo kapena kachongi kobiriwira, dinani fayilo ndi kumanja musankhe Version history, kapena lowani pa onedrive.com. Pa akaunti wamba ya Microsoft imasunga makope 25 omaliza a fayilo iliyonse. Kuvuta kwake n'kwakuti mubweza imodziimodzi, komanso kumeneko kuli zokhazo zimene zinatumizidwa laputopu ili pa intaneti. Ngati bandulo mumagula kamodzi pa sabata, kope lomaliza likhala la tsiku limenelo. Olipira Microsoft 365 ali ndi Restore your OneDrive imene imabweza zonse pakamodzi mpaka masiku 30 m'mbuyo, koma imabweza OneDrive yonse, osati foda imodzi.

Njira zitatuzi zikakanika, mapulogalamu obwezeretsa mafayilo musawaikire mtima kwambiri. Amathandiza pa fayilo yofufutidwa, koma yolembedwa pamwamba kawirikawiri malo ake amakhala atatengedwa kale, ndipo pa SSD mwayi ndi wochepa kwambiri chifukwa disikiyo imayeretsa yokha malo osiyidwa. Musanapereke ndalama kwa wokonza, fufuzani kaye mu WhatsApp ndi mu imelo ngati munatumizirapo wina fayilo ya mwezi watha.

Tumizani chithunzi cha windo la Previous Versions, masiku ndi nthawi zioneke bwino, tisankhire limodzi kope loyenera musanadine china chilichonse.