Semikoloni, koloni ndi dashi: pamene mpatuliro wachepa mphamvu

Funso: Zikomo akonzi. Mu lipoti ndinalemba kuti, “Msonkhano sunachitike, mlembi anadwala, wapampando anafika mochedwa, anthu anabalalika.” Mnzanga akuti mipatuliro yachuluka, ndiikemo semikoloni, koloni kapena dashi. Ndiike chiti, ndipo pati?

Yankho: Mnzanuyo waona bwino, ngakhale vuto si kuchuluka kwa mipatuliroyo. Mwalemba nthambi zinayi, ndipo iliyonse ikhoza kuima payokha ngati chiganizo. Mpatuliro ukuzindandalika ngati zofanana pamene sizofanana: yoyamba ndiye nkhani, zitatu zinazo zikufotokoza chifukwa chake. Wowerenga akuchita kuganizira yekha zimenezi.

Apa ndiye pa koloni, timadontho tiwiri tija (:). Lembani motere: “Msonkhano sunachitike: mlembi anadwala, wapampando anafika mochedwa ndipo anthu anabalalika.” Koloni imauza wowerenga kuti zimene zikubwerazi zikumasulira zimene wangowerenga. Kuti mudziwe ngati yakhala pamalo pake, ichotseni n'kuikapo “chifukwa” kapena “ndiko kuti”. Chiganizo chikamvekabe, mwakhoza. Chofunika china n'chakuti mawu a kumanzere kwa koloni akhale omveka paokha. “Amene anabwera ndi: mlembi, msungichuma” n'kulakwa kumene ndimakuona kawirikawiri, chifukwa “ndi” wadulidwa pakamwa asanamalize ntchito yake. Chotsani koloniyo, kapena lembani kuti, “Anabwera anthu awiri okha: mlembi ndi msungichuma.”

Semikoloni (;) ntchito yake ndi ina. Imagwirizanitsa nthambi ziwiri zoima pazokha, zolemera mofanana, zimene simukufuna kuzilekanitsa ndi mpumiro: “Mlembi anadwala; wapampando anafika mochedwa.” Palibe ikumasulira inzake. Muyeso wake ndi mpumiro: pamene mpumiro sungakhale, semikoloni yolumikiza nthambi isakhalepo. Taonani kusiyana kwake pa mawu amodzimodzi. Mukalemba “Anthu anabalalika: wapampando anachedwa,” mwamuloza chala wapampandoyo. Mukalemba “Anthu anabalalika; wapampando anachedwa,” mwangonena zinthu ziwiri zimene zinachitika. Mu lipoti loti anthu akasainire, kusiyana kumeneku si kwamasewera.

Ndimaikondanso semikoloni patsogolo pa “choncho” ndi “komabe” akamalumikiza nthambi zazitali: “Wapampando anafika patapita maola awiri; choncho anthu ambiri anali atapita.” Koma “ndipo”, “koma” ndi “chifukwa” amalumikiza okha, mpatuliro n'ngokwanira, mwinanso osaikapo kanthu.

Tsono pali msampha wa Chichewa chenicheni. M'chiyankhulo chathu mneni mmodzi amanyamula mwininkhani ndi nthawi, moti “anabwera” ndi chiganizo chathunthu. N'chifukwa chake timalumikiza ziganizo ndi mipatuliro osazindikira. Koma si mneni aliyense amaima payekha. “Wapampando atafika” akusiya munthu akudikira kuti kenako chinachitika n'chiyani. Chimodzimodzi “akabwera”, “pofika” ndi “n'kukhala pansi”. Nthambi zoterezi mpatuliro ndiye mwini wake: “Wapampando atafika, anapeza mipando yokhayokha, n'kubwerera.” Amene wangophunzira semikoloni amaithira ngakhale pamenepa, n'kulemba “Wapampando atafika; anapeza mipando yokhayokha.” Werengani mbali yoyambayo mokweza, n'kukhala chete. Mumva nokha kuti mawu ali m'malere.

Dashi, kamzere kakatali kaja (—), ndi ka mawu a pakamwa. Kamasonyeza kuti wolankhula waima kaye kenako n'kutembenuka mwadzidzidzi: “Wapampando anafika ndithu — anthu atabalalika kale.” Onani kuti mbali yachiwiriyo siima payokha, dashi imalola zimenezo, semikoloni ayi. Mukafuna kulowetsa mawu pakati pa chiganizo, madashi akhale awiri, wotsegula ndi wotseka: “Mlembi — yemwe amasunga makiyi — anadwala.” Ambiri amaiwala wachiwiriyo. Musaisokonezenso ndi kamzere kakafupi (-) kodulira mawu kumapeto kwa mzere.

Ineyo mu lipoti ngati lanulo dashi sindingaiike. Imamveka ngati munthu akusimba nkhani mokhudzidwa, zomwe zimakoma m'nthano ndi m'kalata ya kwa mnzako, koma lipoti limafuna mawu odekha. Ikani koloni pambuyo pa “sunachitike”, musiye mpatuliro umodzi, ndipo nthambi yomaliza muilumikize ndi “ndipo”. Ngati mukufuna zimveke kuti anthu anabalalika chifukwa cha zinthu ziwirizo, ipatseni chiganizo chakechake: “Msonkhano sunachitike: mlembi anadwala ndipo wapampando anafika mochedwa. Choncho anthu anabalalika.”