Chigamulo cha apilo choyeserera: musazengenso mlandu

"Atipatsa ntchito yolemba chigamulo cha khothi la apilo, choyeserera koma cha malikisi. Akufuna zomwe khothi lapeza, zifukwa zake, ndi zomwe lalamula pomaliza. Ndiyambire pati?"

Achemwali, yambirani pa zifukwa zomwe wochita apilo wapereka, chifukwa ntchito yanu ndi kuyankha zimenezo, chimodzichimodzi. Ambiri amataya malikisi poyamba kuzenganso mlandu ngati iwo ndiwo anamva mboni. Jaji wa apilo sanaone mboni ikuchita chibwibwi kapena kuzemba funso. Ali ndi zolembedwa zokha. N'chifukwa chake sasintha wamba zomwe khothi loyamba linapeza pa umboni, pokhapokha zitaonekeratu kuti n'zolakwika kapena palibe umboni wozichirikiza. Koma pa kumasulira lamulo, ali ndi ufulu wonse kunena kuti mnzake anaphonya.

Tiyerekeze kuti dalaivala anagunda munthu woyenda pansi, ndipo khothi loyamba linamulamula kulipira chipukuta misozi chonse. Dalaivala akudandaula ziwiri: kuti jaji analakwa kukhulupirira mboni yomwe inati galimoto inkathamanga kwambiri, komanso kuti sanaganizireko zoti wogundidwayo anavomera yekha kuti anawoloka osayang'ana.

Chifukwa choyambacho chikaneni mwachidule. Lembani kuti jaji anamva mboniyo, anafotokoza chomwe anaikhulupirira, ndipo m'zolembedwa mulibe chotsutsa. Ndime imodzi yakwana. Chachiwiricho ndiye pokhalitsa. Onetsani tsamba lomwe wogundidwayo anavomera, onetsani kuti dalaivala anaidzutsa nkhaniyi kukhothi loyamba, chifukwa mfundo yatsopano siloledwa chisawawa pa apilo. Kenako tchulani lamulo loti wovulala akakhala ndi gawo pa ngozi yake, chipukuta misozi chimachepetsedwa. Mukatero nenani gawo lake, mwina 25 peresenti, ndi chifukwa chomwe simunafike theka: amene ali pa chiwongolero ndiye wanyamula choopsa chachikulu. Mfundo ya mbali yomwe yagonja muilembenso mwachilungamo musanaigwetse. Ochonga amayang'ana pamenepo, ndipo ine ndikanakhala iwo ndikanachita chimodzimodzi. Milandu yakale tchulani yokhayo yomwe mwaiwerenga, ndipo munene ngati ikukumangani kapena ikungokuthandizani kuganiza.

Pomaliza musangoti "apilo yatheka" n'kusiya. Mu chitsanzo chathuchi yatheka mbali imodzi yokha, ndiye lembani mizere ya manambala: chifukwa choyamba chakanidwa, chachiwiri chavomerezedwa, lamulo loti alipire zonse lafafanizidwa, m'malo mwake alipire 75 peresenti ya ndalama zija. Kubweza mlandu kukhothi loyamba n'kosafunika pano, poti umboni wonse ulipo kale m'zolembedwa. Musaiwale chiwongoladzanja ndi ndalama zoyendetsera mlandu. Kawirikawiri wogonja ndiye amalipira, koma poti aliyense wapambana pena, mutha kulamula kuti aliyense adzilipirire za pa apilo, bola mulembe chifukwa chake m'ndime yapamwamba pake.