Zilembo zofiira zinayi pa zotsatira za magazi: chiti choyenera kudera nkhawa?

"Achimwene, ndine mayi wa zaka 31, ndimakhala ku Dwangwa. Ndinakayezetsa magazi kuchipatala cholipira chifukwa chotopatopa, ndipo zotsatira zabwera pafoni. Mizere inayi ili yofiira. Si ine woyembekezera. Ndipite kuchipatala, kapena ndingogula mapiritsi owonjezera magazi?"

```
HGB   10.4   L   12.0 - 15.0   g/dL
MCV   72     L   80 - 100      fL
WBC   3.8    L   4.0 - 11.0    10^9/L
PLT   430    H   150 - 400     10^9/L
```

Pitani kuchipatala, mayi, sabata ino isanathe. Si zothamangira usiku uno, koma musayambe ndi kugula mapiritsi. Pa mizere inayiyo, iwiri yoyambirira ndi yomwe ikunena nkhani yanu, wa PLT ukungoperekeza, wa WBC mwina ulibe kanthu.

Tiyambe ndi manambala awiri ali kumanja kwa mzere uliwonse. Amenewo ndi malire, ndipo amapezeka chonchi: amayeza anthu ambiri athanzi, n'kutenga pamene pagwa anthu 95 mwa 100 alionse. Ndiye kuti anthu asanu mwa 100, opanda vuto lililonse, amagwa kunja kwa malirewo. Mutayezedwa zinthu 20 zosiyanasiyana tsiku limodzi, mwayi woti chimodzi chituluke chofiira muli bwinobwino umapitirira theka. Makina sadziwa kuti ndinu ndani. Nambala ikangodutsa malire ngakhale pang'ono, amalemba L ngati yatsika, H ngati yakwera. Choncho funso loyenera si lakuti zofiira ndi zingati, koma kuti nambalayo yapita kutali bwanji, ndipo ikugwirizana ndi ziti.

WBC yanu ndi chitsanzo chabwino. Amenewa ndi maselo oyera olimbana ndi matenda. Malire akuyambira pa 4.0, inu muli pa 3.8. Anthu ambiri a kuno ku Afirika amabadwa ndi maselo oyera ocheperako kusiyana ndi azungu, ndipo sadwala nazo, pomwe malire olembedwa m'makina nthawi zambiri amachokera m'mabuku akunja. Chimfine chongotha kumene chimathanso kuwatsitsa kwa masiku angapo. Dokotala adzayang'ana nambalayi n'kuiyezanso nthawi ina. Ndipo musalole wina akuuzeni kuti WBC imaonetsa ngati munthu ali ndi kachilombo koyambitsa edzi. Kameneko kali ndi kuyeza kwakekwake.

Nkhani yeniyeni ili pa HGB, hemogulobini, chomwe chimanyamula mpweya m'magazi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limati magazi achepa ngati HGB yatsika pansi pa 12 kwa mayi wosayembekezera, 11 kwa woyembekezera kapena 10.5 mimba ikakhala m'miyezi itatu yapakati, 13 kwa bambo. Pa 10.4, anu achepadi, osati mongokhudza malire ayi, ndipo kutopa kwanu kukumveka. Koma sanafike poopsa, pomwe ndi pansi pa 8. Chenjezo limodzi pano: yang'anani nthawi zonse timalemba ta kumapeto kwa mzere. Malabotale ena amalemba g/L m'malo mwa g/dL, ndipo 10.4 yanu ingaoneke ngati 104. Munthu woyerekeza pepala la chipatala china ndi la china osaona zimenezi amadzidzimuka pachabe.

MCV ndiyo imatiuza kuti achepa motani. Imayeza kukula kwa maselo ofiira. Anu ndi aang'ono, 72 pomwe amayenera kufika 80. Thupi likasowa ayironi limapanga maselo aang'ono otumbululuka, monga mayi amene ufa wamuchepera amaomola mitanda ing'onoing'ono. PLT, timaselo tothandiza magazi kuundana, kawirikawiri timakwera pang'ono ayironi akachepa, ndiye 430 yanu ikungovomereza zomwe HGB ndi MCV zanena kale. Mizere itatuyi pamodzi ikuloza ku kuchepa kwa ayironi. Ndikuti ikuloza, chifukwa pali ena obadwa ndi maselo aang'ono mwa chibadwa, ayironi ali wokwanira. Chotsimikizira ndi kuyeza kotchedwa Ferritin, komwe sikuli pa chithunzi chanu. Funsani ngati kulipo.

Tsono n'chifukwa chiyani ndikukanizani kungogula mapiritsi? Munthu wamkulu ayironi samangothera chabe. Nthawi zambiri pali pomwe magazi akutayikira, ndipo chithunzi cha pafoni sichingaonetse malowo. Kuthira madzi mumtsuko wobooka osamata kaye ndi ntchito yosatha. Kwa mayi wa msinkhu wanu, choyamba ndi kumwezi: ngati mumasamba kupitirira masiku 7, kapena kumatuluka zibuluma, kanenen momasuka. Kubereka pafupipafupi nakonso kumatha ayironi. Kenako pali zathu za kunyanja kuno. Aliyense amene amachapa kapena kusamba m'nyanja, m'dambo la Chia, mumtsinje wa Bua, kapena kuponda m'minda ya mpunga, ayenera kuganizira likodzo. Zimandiwawa kuona kuti timaliyesa matenda a tianyamata tosambira tokha. Mayi akhoza kukhala nalo zaka osaona magazi mumkodzo, ndipo limagwiranso njira ya chiberekero. Amayeza mkodzo kufuna mazira ake, ndipo mkodzo wabwino ndi wa masana, pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko. Njoka zam'mimba zolowera kumapazi zimayamwa magazi m'matumbo, ndipo zimapezeka poyeza chimbudzi. Malungo obwerezabwereza amaswa maselo ofiira, koma kuyeza munachitaku sikufufuza malungo. Akufunika kuyeza kwina, kwa pachala kuja.

Mukapita, kaya ku chipatala cha boma cha Nkhotakota kaya komwe munayezetsako, tengani zotsatira zonse, osati mizere yofiira yokha, chifukwa yosafiira nayo imathandiza. Tchulani tsiku lomwe munayamba kusamba komaliza, mankhwala onse omwe mukumwa, komanso ngati mumalakalaka kudya dothi, chomwe chimachitika kwa ambiri osowa ayironi.

Akakupatsani mapiritsi a ayironi, chimbudzi chidzada, musaope. Musamwere tiyi, chifukwa amatchinga ayironi kulowa m'thupi. Madzi a mandimu kapena a malambe ndiwo amathandiza. Pakatha mwezi kayezetseninso. HGB iyenera kukhala itakwera ndi 1 kapena 2. Ngati yangoima pomwepo mukumwa mokhulupirika, ndiye kuti magazi akutayikabe kapena vuto si ayironi, ndipo dokotala afufuzenso. Ikafika pa 12 musasiye, mapiritsi amapitirira miyezi ina itatu kuti nkhokwe ya ayironi idzaze. Usipa, chiwindi, nyemba ndi bonongwe ndi zabwino, koma pa 10.4 chakudya chokha chimachedwa.

Pali zinthu zosadikirira sabata. Mukayamba kubanika mutangokhala, kumva kuwawa pachifuwa, kukomoka, kapena mtima kugunda mothamanga mukupumula, pitani tsiku lomwelo, ngakhale nambala ikhale yomweyi. Chimodzimodzi thupi likatentha, kapena chimbudzi chikada ngati phula musanayambe mapiritsi, kapena mukamasintha nsalu yakumwezi ola lililonse. Pa zotsatira zam'tsogolo, HGB yotsika pansi pa 8, PLT yotsika pansi pa 50, kapena mzere wolembedwa LL, HH kapena Critical, ndi zoti dokotala aone lero lomwelo. Ndipo ngati mwezi uno mwadumphitsa, kayezetseni mimba kaye, chifukwa kwa woyembekezera nambala zomwezi zimawerengedwa mwa mtundu wina, ndipo ndi nkhani ya kusikelo.