Kugawa ndi 12 sikokwanira, onaninso tsiku lolipira

Funso: Ndili ndi golosale ku Santhe kuno ku Kasungu. Fizi ya mwana wanga kusukulu ya pulaiveti ndi K180,000 pa teremu, mu Sepitembala, Januwale ndi Epulo. Yunifolomu ndi makope zimadya K60,000 mu Sepitembala, Khirisimasi K150,000, inshuwalansi ya kagalimoto kopikulira katundu K120,000 mu Malichi. Januwale aliyense ndimathera kwa akatapila. Ndikufuna kuyamba kusunga mu Meyi muno. Ndizipatula zingati pamwezi? Ndine mayi wa ana atatu.

Yankho: Mayi, aliyense mungamufunse akuuzani kuti muphatikize zonse kenako mugawe ndi 12. Tiyeni tiyese. Zonse pamodzi ndi K870,000, ndipo pogawa ndi miyezi 12 tikupeza K72,500. Masamuwo ndi olondola, koma mukawatsatira mudzapezekanso pakhomo pa wakatapila, kungoti ulendo uno mu Epulo.

Onani mmene ziyendere ngati mukuika ndalamayo kumapeto kwa mwezi uliwonse. Meyi, Juni, Julayi ndi Ogasiti akupatsani K290,000. Sukulu ikatsegula mu Sepitembala muchotsapo K240,000 ya fizi ndi yunifolomu, patsala K50,000. Muwonjezera miyezi itatu, ndipo Khirisimasi ikupezani ndi K267,500. Mukadya K150,000 patsala K117,500. Ya kumapeto kwa Disembala ikalowa zifika K190,000, fizi ya Januwale mulipira, patsala K10,000 yokha. Mwapulumuka, koma mwamwayi. Januwale ndi Febuluwale akweza thumbalo kufika K155,000, inshuwalansi itenga yake, patsala K35,000. Ya Malichi ikalowa muli ndi K107,500, pomwe ahedi akufuna K180,000. Yaperewera K72,500 ndendende, chifukwa ndalama yanu ya mwezi wa 12 ibwera kumapeto kwa Epulo, mwana atabwezedwa kale pageti.

Choncho kuwerengera kwabwino n'kotere. Tengani kope, mulembe zolipirazo motsatira masiku ake. Pa chilichonse dzifunseni zinthu ziwiri: pofika tsikuli ndidzakhala nditalipira zingati zonse pamodzi, ndipo ndidzakhala nditaika ndalama kangati? Pofika Sepitembala ndi K240,000 pa miyezi 4, kutanthauza K60,000 pamwezi. Pofika Januwale ndi K570,000 pa miyezi 8, kutanthauza K71,250. Pofika Epulo ndi K870,000 pa miyezi 11, yomwe ndi K79,000 ndi kapamwamba pang'ono. Nambala imene yatuluka yaikulu pa zonsezo ndiyo yanu. Kwa inu tingoti K80,000.

Mwachita bwino kuganiza zimenezi mu Meyi. Mukanati muyambe mu Okutobala, mukanakhala ndi miyezi itatu yokha yopezera K330,000 ya Khirisimasi ndi fizi ya Januwale, ndiye kuti K110,000 pamwezi. Ambiri amagwera pamenepa n'kumati njirayi sigwira ntchito, chonsecho vuto ndi mwezi umene anayambira. Chaka choyamba ndicho chowawa. Chachiwiri chimapepuka ngati simunakombe zotsala.

Komabe K80,000 sindikukhutira nayo. Mitengo imene mwalembayi ndi ya chaka chino, ndipo kalata yokweza fizi imabwera ndi mwana tsiku lotsekera, osati miyezi isanu isanakwane. Tonse tikukumbukira mmene zinthu zinalumphira kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 aliyense mu Novembala 2023. Ine ndikanakhala inu ndikanaika K90,000. Ikapanda kukwera fizi, K10,000 yapamwambayo idzakhala poyambira chaka chamawa.

Tsono inu simulandira salale. Munthu wa golosale saona K90,000 ili phee kumapeto kwa mwezi. Ndalama ikangogona m'kabati usiku umodzi, m'mawa yasanduka bero la shuga. Igaweni pa masiku. Ngati mumatsegula masiku 26 pamwezi, K3,500 patsiku ikukupatsani K91,000. Madzulo mukatseka chitseko n'kuwerenga zimene mwagulitsa, yambani mwachotsa K3,500 imeneyo musanapatule ya ndiwo, muimange ndi kalabala, mulembe tsiku m'kope. Loweruka lililonse ichoke m'nyumba.

Ipite kuti? Isakhale pa nambala ya Airtel Money kapena Mpamba imene makasitomala amalipirirapo, chifukwa tsiku lopikula mudzaiona ngati mpamba wa shopu. Tsegulani akaunti ina kubanki kapena ku SACCO, yopanda khadi m'chikwama. Musanasaine funsani ndalama zimene amadula pamwezi, zimene amadula potapa, ndiponso ngati amafuna kuwadziwitsa masiku angapo musanatape. Banki mkhonde ndimaikonda, koma pa ntchito iyi ili ndi malire: masheya amatuluka tsiku logawana basi. Ngati gulu lanu limagawana mu Disembala, likhoza kusunga gawo la Khirisimasi ndi fizi ya Januwale. Ya Sepitembala musaike kumeneko, mungadzakongole ndalama yanu yomwe n'kubweza ndi chiwongoladzanja.

Palinso nkhani ya nyengo, imene inu a ku Kasungu mukuidziwa kuposa ine. Fodya akamagulidwa ku Chinkhoma, soya ndi mtedza zili pasikelo, golosale imayenda. Ikafika Januwale ndi Febuluwale anthu ndalama zathera ku feteleza, wobwera pawindo akufuna sopo wa ngongole. K3,500 ya mu Juni ndi K3,500 ya mu Febuluwale si zofanana kulemera kwake. Musasinthe nambala ya pamwezi, koma lipiriranitu. Mu Juni ndi Julayi muziika K7,000 patsiku, ndipo m'kopemo mulembe kuti yapamwambayo ndi ya Januwale ndi Febuluwale, muchongeretu miyezi iwiriyo. Dzinja likafika mudzapuma popanda kuphwanya dongosolo. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: mu Ogasiti thumba lidzaoneka lonenepa, ndipo mtima udzayamba kukamba za filiji yatsopano. Ndalamayo ili kale ndi eni ake.

Mudzadziwa bwanji kuti nambalayi yakulemerani? Yang'anani mashelefu. Ngati munkapikula makatoni asanu a sopo ndipo tsopano mukubwera ndi atatu, pomwe makasitomala ndi omwewo, ndiye kuti K3,500 ikuchoka pa mpamba, osati pa phindu. Zikatero musachepetse mwakachetechete zimene mukuika, koma bwererani pa mndandanda muone chodula. Fizi simungaikhudze. Inshuwalansi nayonso ayi, chifukwa lamulo sililola galimoto kuyenda pamsewu popanda inshuwalansi yoteteza anthu ena, ndipo pa M1 kapena msewu wa Santhe simungadutse mwezi osakumana ndi apolisi a pamsewu. Chotsala ndi Khirisimasi. Mukaitsitsa kufika K100,000, zonse pamodzi zikhala K820,000, ndipo pa miyezi 11 ija ndi pafupifupi K74,500 pamwezi. Mpunga ndi nkhuku zidzakhalapobe. Zimene zingavutike ndi zovala zatsopano za aliyense.

Za yunifolomu ndi makope musadikire Sepitembala pomwe telala aliyense ali ndi mulu wa nsalu. Gulani mu Julayi kuchokera m'thumba lomwelo, mulembe kuti K60,000 yatuluka. Ngati sukulu imalola kulipiriratu teremu yotsatira, funsani kaye ngati wolipiriratu amamuonjezera fizi ikakwera, ndipo lisiti lake mulisunge m'kope lomwe lija.

Maliro ndi matenda musazilowetse m'thumbali. Zimenezo zilibe tsiku, ndipo zimafuna kathumba kakekake ngakhale ka K500 patsiku. Mukabwereka ya fizi pa zovuta zotere, lembani tsiku lobweza lisanafike tsiku lotsegulira sukulu.